Phukusi lafika koma akuti ndilipirenso: mafunso ndi mayankho pa za msonkho wa katundu wochokera kunja

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo maphukusi ochokera kunja salinso chinthu chachilendo. Wina ali ndi mwana ku Joni, wina mlongo wake ali ku Ulaya, winanso wangozolowera kuitanitsa yekha zinthu pa foni kuchokera ku China. Chimene chimadzetsa mkangano ndi foni ya tsiku lomaliza, pamene a kampani yonyamula katundu akuti phukusi lafika ku Blantyre koma silituluka mpaka mutalipira ndalama zina. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amafunsa akalandira foni imeneyo.

Katundu ndinalipira, yonyamulira ndinalipiranso. Nanga ndalama yachitatuyi ndi ya chiyani?

Ndalama ziwiri zoyambazo zinapita kwa wogulitsa ndi kwa wonyamula. Boma la Malawi silinalandirepo kalikonse. Katundu aliyense wolowa m'dziko muno, kaya wabwera pa lole kudzera ku Mwanza, kaya pa ndege ku Chileka kapena ku bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, amayenera kudutsa m'manja mwa akasitomu, omwe ndi nthambi ya bungwe lotolera misonkho la MRA. Bungweli linayamba ntchito m'chaka cha 2000 ndipo likulu lake ndi Msonkho House ku Blantyre. Lamulo limaika msonkho pa mwini katundu amene akumulowetsa m'dziko, ndiye kuti inuyo amene dzina lanu lalembedwa pa phukusipo.

Kampani yonyamula ija siingakupatseni phukusi akasitomu asanalimasule. Choncho imalemba chikalata cholengeza katunduyo m'malo mwanu, kenako imakuuzani kuti mulipire msonkho, kapena imayamba yalipira yokha n'kudzakutumizirani bilu. Pa ntchito yolemba ndi kuthamangathamanga imeneyo imaikaponso mtengo wake.

Ndiye chiwerengero chimene mwauzidwa pa foni chija si chinthu chimodzi. Muli ndalama ya boma, yomwe ili ndi masamu ake oti inu nomwe mungawerengetsere, ndiponso muli ndalama ya kampani. Munthu akangomva kuti "mubweretse K140,000" osafunsa kuti ya boma ndi iti, ya kampani ndi iti, sangadziwe ngati akumubera kapena ayi. Ambiri amene amalalata pa kauntala amalalatira gawo lolakwika.

Msonkhowo amawerengera bwanji?

Tiyerekeze mayi wa pa Chitakale amene waitanitsa diresi yaukwati ya mng'ono wake. Diresiyo wagula pa $80, ndipo yonyamulira pa ndege walipira $40.

Choyamba akasitomu amapeza mtengo woti awerengerepo msonkho. Satenga $80 yokha ayi. Amaphatikiza mtengo wa katundu, ndalama yonyamulira, ndi inshuwalansi ngati inalipo. Pa mapepala mtengo umenewu mudzauona utalembedwa kuti CIF. Kwa mayiyu ndi $120. Amausintha kukhala makwacha potengera mlingo umene MRA ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, osati wa anyamata osintha ndalama mumsewu. Tiyerekeze kuti mlingowo ndi K1,750 pa dola, ndiye $120 ikhala K210,000.

Kenako pamabwera dyute, msonkho weniweni wolowetsera katundu. Katundu aliyense ali ndi gulu lake m'buku la misonkho. Zina sizilipira dyute, zina zimalipira 5% kapena 10%, koma zinthu zambiri zomalizidwa kale kupangidwa, zongofika n'kugwiritsa ntchito, zimagwera pa 25%. Tiyike diresiyi pa 25%. Dyute yake ikhala K52,500.

Pomaliza pali VAT. Msonkho umenewu unakhala pa 16.5% kwa zaka zambiri, ndipo bajeti ya pakati pa chaka imene inaperekedwa kumapeto kwa 2025 inaukweza kufika pa 17.5%. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, chifukwa VAT sawerengera pa K210,000 ija. Amayamba aphatikiza dyute, ndiye amawerengera pa K262,500. Zimenezi zikupereka K45,937.50.

```
CIF    $120 x 1,750            = K210,000.00
Dyute  25% ya 210,000          = K 52,500.00
VAT    17.5% ya 262,500        = K 45,937.50
Za boma zonse                  = K 98,437.50
```

Tsopano taonani mmene zikuonekera kwa mayi uja. M'mutu mwake diresi ndi ya $80, yomwe ndi K140,000. Akumuuza kuti msonkho ndi K98,437.50, pafupifupi 70% ya mtengo wa diresi. Akuona ngati wina wapenga kapena akufuna kudyapo. Komatu masamuwo ndi olondola. Chakweza ndi chakuti yonyamulira nayo yalipira msonkho, ndipo dyute nayo yalipira VAT.

Pali katundu wina amene amalipiranso msonkho wachitatu wotchedwa ekisaizi, monga mowa, fodya, mafuta onunkhira ndi zodzoladzola. Umenewu umalowa pakati: amawerengera pa CIF yophatikiza ndi dyute, kenako VAT imadzakwera pamwamba pa zonse zitatu. Phukusi lomwe lija likanakhala ndi ekisaizi ya 10%, ikanakhala K26,250, VAT ikanakwera kufika K50,531.25, ndipo zonse pamodzi zikanakwana K129,281.25. Mwaona kuti ekisaizi ya K26,250 yawonjezera ndalama yoposa K30,000, chifukwa yakoka VAT nayo.

Milingo imeneyi imasintha ndi bajeti ya boma, koma ndondomeko yosanjikiza ija ndi imene muyenera kuigwira. Mukaidziwa, mlingo uliwonse watsopano mungoulowetsa pamalo pake.

Bwanji yonyamulira ikulipira msonkho? Kodi imeneyo ndi katundu?

Lamulo limaona mtengo wa katundu pamene wafika pa khomo la dziko, ndipo kuti afike pamenepo panapita ndalama yonyamulira. Si Malawi yokha, maiko ambiri amawerengera chomwecho. Kwa ife zimawawa kwambiri chifukwa tili kutali ndi nyanja ndiponso kutali ndi kumene katundu amapangidwa, ndiye kaphukusi kakang'ono kobwera pa ndege nthawi zina yonyamulira yake imaposa mtengo wa zimene zili mkati.

Pali kachinthu kena kamene otumiza ambiri sakadziwa. Makampani a ndege sayang'ana sikelo yokha, amayezanso kukula kwa bokosi. Ambiri amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa bokosi m'masentimita, n'kugawa ndi 5,000, ndipo chimene chatuluka amachitenga ngati makilogalamu. Bokosi la masentimita 50, 40 ndi 30 limatuluka makilogalamu 12, ngakhale diresi ili mkatimo itakhala yolemera makilogalamu atatu okha. Amalipiritsa chachikulu pa ziwirizo. Ndiye m'bale wanu akaika diresi m'chibokosi chachikulu kuti isakwinyike, walipira yonyamulira yambiri kumeneko, ndipo inu kuno mudzalipira msonkho pa yonyamulira yambiriyo. Muuzeni aipinde bwinobwino, aitsendere m'thumba. Makwinya amatha ndi simbi.

Pa tsamba logulira panalembedwa kuti kutumiza ndi kwaulere. Si ndiye kuti zonse zinatha?

Ayi. Mawu amenewo amangonena za yonyamulira, ndipo nayonso wogulitsa anaibisa m'mtengo wa katundu. Za msonkho zimaoneka pa zilembo zina zitatu, zomwe zimakhala pa invoisi kapena pa chikalata cha ulendo wa phukusi. Mukaona DDP, wogulitsa walonjeza kulipira yekha msonkho wa kuno, ndipo phukusi liyenera kukufikani popanda bilu ya boma. Mukaona DAP, kapena DDU ya kalekale, msonkho ndi wanu. Ngati sipanalembedwe chilichonse, ingodziwani kuti ndi wanu, chifukwa ogulitsa ochepa kwambiri ndi amene amalipirira Amalawi msonkho.

Ngati chikalata chikuti DDP koma akampani akukupemphani dyute ndi VAT, musalipire msanga. Jambulani chikalatacho, tumizani kwa wogulitsa, iye ndi amene akambirane ndi kampaniyo.

Ndi mphatso yochokera kwa mwana wanga. Sindinagule. Msonkho ukubwera pati?

Funso ili ndi la makolo ambiri, ndipo yankho lake silisangalatsa. Kawirikawiri msonkho umatsata katundu, sutsata mmene mwamupezera. Nsapato za $60 zimakhalabe za $60 ngakhale atakupatsani ndi mwana wanu wobereka nokha. Pa kachikalata kamene amamata pa phukusi la ku positi, CN22 pa timaphukusi tating'ono kapena CN23 pa akuluakulu, pali malo ochonga kuti ndi mphatso. Kuchonga pamenepo kumangouza wakasitomu kuti si malonda. Sikumuletsa kuika mtengo.

Cholakwika chachikulu chimene ana athu ali kunja amachita ndi kulemba mtengo wa zero, kapena $5 pa bokosi lodzaza. Amaganiza kuti akuthandiza. Wakasitomu akatsegula n'kupeza foni yatsopano m'bokosi lake ndi nsapato mapeyala atatu, sangakhulupirire $5 ija. Amaika mtengo wake potengera katundu wofanana naye amene analowapo kale, ndipo kawirikawiri mtengo umenewo umakhala wokwera kuposa weniweni. Inuyo mulibe pogwira pomutsutsa chifukwa pepala lanu ndi labodza kale. Kuwonjezera apo, kutsitsa mtengo mwadala ndi mlandu pa lamulo la kasitomu, ndipo katundu angathe kulandidwa kapena kulipitsidwa chindapusa.

Chothandiza n'chosavuta. Wotumizayo alembe chinthu chilichonse pachokhapachokha ndi mtengo wake weniweni. Ngati ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, alembe kuti ndi zakale ndipo aike mtengo woyenera chinthu chakale. Malisiti amene ali nawo awajambule akutumizireni pa WhatsApp. Asalembenso mawu a chimbalambanda monga "zinthu za m'nyumba". Wakasitomu akalephera kudziwa gulu la katundu pa pepala, amatsegula bokosi, ndipo masiku amapita.

Pa Muloza ndimadutsa ndi zitenje kapena kawailesi kuchokera ku Milange osalipira. Bwanji phukusi?

Munthu wapaulendo ali ndi kachikhululukiro ka katundu wake wochepa amene wanyamula yekha, wosakhala wamalonda. Chikhululukiro chimenecho chimayenda ndi munthu, sichiyenda ndi bokosi. Phukusi lobwera lokha pa ndege, mwini wake ali phee ku Limbuli, silikhudzidwa nacho. N'chifukwa chake mpongozi wanu akabwera pa basi kuchokera ku Joni ndi bulangete lanu m'chikwama angathe kudutsa pa Mwanza bwinobwino, pomwe bulangete lomwelo litatumizidwa pa kampani lingabwere ndi bilu.

Ndinamva kuti katundu wa ku Joni salipira dyute chifukwa cha SADC. Ndi zoona?

Ndi zoona theka. Mgwirizano wa SADC, komanso wa COMESA, umachotsa kapena kutsitsa dyute pa katundu wopangidwa m'maiko a mamembala. Mawu ofunika ndi akuti wopangidwa. Ketulo yogulidwa mu shopu ku Johannesburg koma pansi pake palembedwa kuti inapangidwa ku China ndi ya ku China basi. Ngakhale katundu wopangidwadi ku South Africa amafunika chikalata chotsimikizira kumene anapangidwira, chodindidwa ndi akuluakulu a kumeneko, ndipo pa kaphukusi ka banja ndi ochepa amene amavutika kukachitenga. Popanda chikalatacho amakuwerengerani pa mlingo wa aliyense. Chikalatacho chikakhalapo chimangochotsa kapena kutsitsa dyute. VAT mudzalipirabe.

Nanga ndalama ya kampani ija ndi ya chiyani kwenikweni, ndipo ndingaikane?

Apa ndiye pofunika maso. Makampani amasiyana mayina a zolipira zawo, koma zimazungulira pa zinthu zochepa. Pali ndalama yokiliyira, ndiye kuti yolembera chikalata cha kasitomu ndi kuchilowetsa mu kompyuta ya MRA yotchedwa ASYCUDA World. Ntchito imeneyi amagwira ndi ma ejenti okhala ndi chilolezo, ndipo makampani akuluakulu ali ndi ma ejenti awoawo. Pali ndalama imene ena amaika chifukwa chokulipirirani msonkho ndi ndalama zawo, ngati chiwongoladzanja cha ngongole ya masiku ochepa. Pali yosungira, imene imayamba kuwerengedwa masiku aulere akatha. Ndipo kwa ife akutali pali yobweretsera, chifukwa makampani ambiri ulendo wawo umathera ku Blantyre kapena ku Limbe, ndiye kuti phukusi likwere msewu wa Midima kufika pa boma ku Mulanje, kapena lidutse Bvumbwe kufika ku Thyolo ndi ku Luchenza, amaonjezerapo kenakake. Zolipira za kampanizi nazonso zimakhala ndi VAT yake, yosiyana ndi ya pa katundu ija.

Tibwerere kwa mayi wa diresi. Tiyerekeze kuti bilu yake yonse ndi K140,000. Tachotsapo K98,437.50 ya boma, zatsala zopitirira pang'ono K41,000. Mwa zimenezi mungakhale kandalama kamene MRA imalipitsa pa chikalata chilichonse cholowetsedwa, ndipo zotsalazo ndi za kampani. Gawo la boma kampani siingalitsitse ngakhale mutalira chotani, chifukwa si lake. Gawo la kampani ndi limene mungafunse mzere ndi mzere. Yobweretsera mungaichotse pokatenga nokha phukusi ku ofesi yawo, ngati thiransipoti yopita ndi kubwera ili yotsikirapo. Yosungira mungaitsutse ngati iwo ndi amene anachedwa kukuuzani kuti phukusi lafika, ndipo apa uthenga wa pa foni wokhala ndi tsiku umagwira ntchito kuposa mawu apakamwa.

Ine ndimaona kuti ndalama yokiliyira payokha si kuba. Wina wagwiradi ntchito, ndipo kupita nokha ku Chileka kuchokera ku Thekerani kukathamanga ndi mapepala sikungakhale kotchipa. Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chotchula chiwerengero chimodzi pa foni n'kumachitcha chonse kuti msonkho. Pamenepo kampani ikubisala kumbuyo kwa boma.

Muli ndi ufulu wouza kampani kuti mugwiritsa ntchito ejenti wanu, ndipo iwo akupatseni mapepala. Pa katundu wamtengo wapatali, monga makina a pa esiteti kapena katundu wa mu shopu, zimathandiza. Pa diresi imodzi mudzangoononga nthawi ndipo mwina mudzalipira kawiri.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalama ya msonkho yapitadi ku boma?

Pemphani mapepala awiri osiyana. Loyamba ndi la MRA: chikalata cholengeza katundu, chimene pa katundu wochuluka mtengo chimatchedwa Form 12, pamodzi ndi lisiti kapena pepala losonyeza mmene msonkho anauwerengera. Lachiwiri ndi invoisi ya kampani yosonyeza zolipira zake.

Pepala la MRA likafika m'manja mwanu, yang'anani zinthu zinayi mosathamanga. Dzina likhale lanu. Mtengo wa katundu ukhale wofanana ndi wa pa invoisi ya wogulitsa. Mtundu wa ndalama ukhale wolondola, chifukwa zimachitika kuti 800 ya ndalama za ku China kapena ya marandi yalowetsedwa ngati madola, ndipo bilu imafufuma kangapo. Chachinayi ndi kafotokozedwe ka katundu ndi nambala ya gulu lake, imene pa pepala imatchedwa HS code. Nambala imeneyi ndi imene imasankha mlingo wa dyute. Chipangizo cha makina chikalembedwa ngati chokongoletsera m'nyumba, mungalipire 25% pa chinthu choyenera mlingo wotsika kapena chosalipira n'komwe.

Chinanso choyang'ana ndi yonyamulira. Ngati invoisi ya wogulitsa inaphatikiza kale yonyamulira mu mtengo, ndiye wolemba chikalata n'kuiwonjezeranso payokha, mwalipira msonkho kawiri pa chinthu chimodzi. Pa phukusi la mayi uja, $40 yolowa kawiri ndi K70,000 yowonjezera pa CIF, zomwe zikanamudyera pafupifupi K33,000 ya msonkho wosayenera.

Ndapeza kuti alakwitsa. Ndiyambire pati?

Yambirani kwa amene analemba chikalata, ndiye kuti kampani kapena ejenti, ndipo chitani zimenezi musanalipire. Kukonza chikalata katundu asanatuluke n'kosavuta poyerekeza ndi kupempha kuti boma likubwezereni ndalama imene yalowa kale. Atumizireni invoisi, chithunzi cha tsamba limene munagulira chosonyeza mtengo, ndi umboni wa malipiro wochokera ku banki kapena ku khadi. Umboni wa ku banki ndi umene umalemera kwambiri, chifukwa invoisi aliyense angathe kuilemba pa kompyuta. Lamulo limati mtengo woyamba kuuganizira ndi umene munalipiradi, ndipo njira zina zopezera mtengo zimabwera pokhapokha ngati umenewo ukukayikitsa.

Akasitomu akakanabe, mungathe kulemba kalata yodandaula ku MRA. Koma werengani masiku. Pamene mukukangana, yosungira ikukwera, ndipo ukwati sudikira. Ngati kusiyana kwake ndi K10,000 ndipo yosungira ya sabata imodzi ikuposa pamenepo, nzeru ndi kulipira, kutenga katundu, n'kusunga mapepala onse kuti mudandaule pambuyo.

Bokosi lafika litang'ambidwa n'kumatidwanso ndi tepi ina. Andibera?

Osati nthawi zonse. Akasitomu ali ndi mphamvu yotsegula phukusi lililonse. Bokosi loyenderedwa limaoneka: tepi ya wotumiza yadulidwa mowongoka ndi mpeni, pamwamba pake padutsa tepi ya mtundu wina, ndipo kathumba ka pulasitiki ka m'mbali, momwe mumakhala invoisi, kamakhala kotsegulidwa. Chofunika ndi kusasaina msanga. Tsegulani pamaso pa wobweretsayo, werengani zinthu molingana ndi mndandanda wa wotumiza, ndipo ngati china chasowa lembani pa pepala losainira lomwelo, mujambule. Mukasaina kuti mwalandira zonse n'kudzadandaula mawa, nkhani yanu imakhala yofooka.

Kodi pa positi n'potchipa?

Msonkho wa boma ndi womwewo, chifukwa maphukusi a positi nawonso amadutsa pa kasitomu. Chimene chimatsika ndi yonyamulira, ndipo poti yonyamulira imalowa m'masamu a msonkho, msonkho nawo umatsikako. Zolipira za pa kauntala ya positi nazonso zimakhala zochepa poyerekeza ndi za makampani othamanga. Mtengo wake ndi nthawi. Za mwadzidzidzi musadalire positi, koma mabuku, zovala ndi zina zosathamangira zimayenda bwino.

Alipo katundu amene amakanidwa ngakhale ndalama ya msonkho ilipo?

Alipo, ndipo pa amenewa vuto si ndalama koma chilolezo. Mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA, zipangizo zolumikizirana monga mawailesi a mauthenga zimakhudza MACRA, ndipo mbewu ndi mbande zimafuna chilolezo cha a zaulimi. Alimi a kuno okonda kuitanitsa mbewu za tomato kapena za maluwa pa intaneti ayambe afunsa ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe asanalipire wogulitsa. Chilolezo chimatengedwa katundu asananyamuke. Akafika chilolezo palibe, amakhala m'nyumba yosungira, ndipo mbewu sizichedwa kufa.

Munthu wina wandiimbira kuti ndi ejenti wa pa bwalo la ndege, akuti nditumize ndalama pa foni kuti phukusi langa lituluke. Nditumize?

Yambani mwadzifunsa ngati mukuyembekezeradi phukusi kuchokera kwa munthu amene mukumudziwa maso ndi maso. Chinyengo chofala chimayenda motere. Mwadziwana ndi munthu pa Facebook, akuti ali ku Ulaya kapena ku America. Pakapita masabata akuti wakutumizirani bokosi, muli foni, laputopu, ndolo zagolide ndi ndalama mu envelopu, ndipo akutumizirani chithunzi cha bokosilo ndi lisiti yooneka bwino. Mawa lake wina akuimba, akuti bokosi lagwidwa, tumizani K80,000. Mukatumiza akuti apezamo madola, tsopano pakufunika chikalata china, tumizani K200,000, apo ayi apolisi akubwera. Bokosilo kulibe, ndipo zopemphazo sizitha mpaka inu mutatheratu.

Kusiyanitsa n'kosavuta mukadekha. Phukusi lenileni lili ndi nambala yolilondolera, imene mungailembe nokha pa tsamba lenileni la kampaniyo, osati pa linki imene iwo akutumizirani. Kampani yeniyeni ili ndi ofesi yoti mungalowemo, chilolezo cha MACRA, ndi akaunti ya dzina la kampani. Ikamalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dzina lotuluka musanatsindike nambala yachinsinsi limakhala la kampani, osati la munthu. Msonkho weniweni umabwera ndi pepala losonyeza masamu ngati aja tachita pamwambapa, ndipo umatchulidwa kamodzi, sumakwera tsiku lililonse. Wachinyengo amadana ndi chinthu chimodzi: muuzeni kuti muli ndi m'bale ku Blantyre amene abwere pa ofesi kudzaona bokosilo ndi kulipira pomwepo. Mudzamva zifukwa zambirimbiri, kenako foni idzazima.

Bilu yandikulira. Ndikangolisiya phukusilo chichitike n'chiyani?

Silikhala pamenepo mpaka kalekale likukudikirani. Yosungira imapitirira kukwera, ndipo nthawi yoikika ikadutsa katundu wosakiliyidwa amapita m'manja mwa akasitomu, omwe angathe kumugulitsa pa okushoni kuti apeze msonkho wawo, kapena kumuononga ngati ndi wosagulitsika. Kumubweza kwa wotumiza n'kotheka, koma wina ayenera kulipira ulendo wobwererawo, ndipo masitolo ambiri a pa intaneti sabweza ndalama yonse kwa munthu amene wakana katundu chifukwa cha msonkho.

Ndiye masamu ake achitikire pa nthawi yogula, osati pa nthawi ya foni. Pa katundu wa gulu la 25% wopanda ekisaizi, phatikizani mtengo ndi yonyamulira, sinthani kukhala makwacha, ndipo muike pambali pafupifupi 47% ya chiwerengero chimenecho ngati gawo la boma. Imbani ku ofesi ya kampani imene idzanyamule mufunse yokiliyira ndi yobweretsera ku Mulanje kapena ku Thyolo, muwonjezere. Kwa mayi wa pa Chitakale, diresi imene pa tsamba logulira inkaoneka ya K140,000 yafika pakhomo pa K350,000. Ngati telala wa ku Limbe angasoke yofanana nayo pa mtengo wotsika kuposa pamenepo, mpofunika kudziwa zimenezo batani lolipirira lisanadinidwe.